Ndasintha saizi ya mabotolo, saplaya wangoti onjezerani K420,000 pa voisi noti

ChipondeChaMatawale
Moni nonse pa gulu pano. Ndithandizeni maganizo abale mutu waima. Ine ndimapanga chiponde kuno ku Matawale, masabata awiri apitawa ndinatenga koteshoni kwa saplaya wina wa ku Limbe, mabotolo a pulasitiki 1,000 a 500g a zitsekerero zofiira pa K620 limodzi, ndi malebulo 1,000 pa K180, zonse K800,000, ndinapereka dipoziti ya theka K400,000. Nde sabata yatha eni magolosale a ku Chikanda andiuza kuti ana a ku Chanco sakugula botolo lalikulu, akufuna ting'onoting'ono ta 250g, komanso shopu ina m'tauni muno yati ikhoza kumanditenga koma katundu azibwera m'makatoni a 24 osati m'jumbo. Ndinaimba foni kuti tisinthe, aakulu akhale 400 basi, ang'ono 1,200 a zitsekerero zachikasu, ndi makatoni 50. Dzulo munthu uja wangotumiza voisi noti kuti mayi onjezerani K420,000. Chiponde chake ndi chomwecho, makilo 500, sindinaonjezere ngakhale supuni imodzi. Ine pa masamu anga botolo la theka ndi theka la mtengo nde zimayenera kubwera K800,000 yomweyo, kungoonjezerapo ya makatoni basi. Kodi ndimufunse bwanji koteshoni ina popanda kuyambana naye, poti ndalama zanga zili kwa iye?

Mnyamata_wa_Depoti
Akukuberani masana mayi. Katengeni dipoziti yanu, masaplaya ku Limbe ndi mbwee.

AntiAUchi
Achimwene musafulumire. Botolo laling'ono silikhala theka la mtengo olo mutapita kwa ndani. Ine ndimagula a uchi zaka zambiri ndithu, kusiyana kwake kumakhala kochepa moti umachita kudabwa.

Madala_a_Pulinta
Mayi a ku Matawale, ine ndagwira ntchito yosindikiza zaka zoposa khumi, ndiyambe ndi funso limodzi lomwe simunatiuze: pamene mumaimba foni ija malebulo 1,000 aja anali atasindikizidwa kale kapena ayi? Chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Mabotolo amangotengedwa pa shelefu, mukasintha maganizo amabwezedwa pa shelefu pomwepo. Koma lebulo yolembedwa dzina lanu ndi nambala yanu ya foni palibe wina angaigule. Ngati anasindikiza, imeneyo ndi K180,000 yanu yonse, ngakhale mukufuna 400 okha.

Chachiwiri, musayambe ndi kukangana za K420,000 chifukwa simukudziwa kuti mkati mwake muli chani, iyenso mwina wangowerengera m'mutu ali pa kauntala. Voisi noti si koteshoni. Mufunseni pepala latsopano lokhala ndi mzere uliwonse pawokha, kuchuluka, mtengo wa chimodzi, ndi totala wa mzerewo. Mukaliona ndi pamene mudziwe pokambirana.

ChipondeChaMatawale
Madala za malebulo sindinafunse, nditumize uthenga pompano. Ndinavomereza dizaini Lachiwiri la sabata yoyamba ija nde mwina anapanga kale.

Mnyamata_wa_Depoti
Koma madala inu mukuikira kumbuyo anzanu a bizinesi. Munthu akalandira dipoziti ndekuti mtengo watsekedwa, sungasinthenso. Ndi lamulo limenelo.

MlongoWaMasitolo
Watsekedwa pa katundu amene analembedwa pa pepalalo achimwene, osati pa katundu wina aliyense. Mayiwa anagwirizana za mabotolo 1,000 a 500g ofiira. Akadakhala pomwepo, saplaya akanati ndakweza, apo nanenso ndikanakhala mbali yanu. Koma amene wasuntha ndi wogula. Botolo la 250g pa koteshoni yoyamba palibe, nde mtengo wake unatsekedwa liti?

Ine ndimagwira ku masitolo pa sukulu ina kuno ku Zomba, ndimalandira makoteshoni tsiku ndi tsiku. Kwathu ngati oda yathu yalembedwa zina, katundu wabwera wina, invoisi yanena zina, akawunti salipira, pepala limangokhala pa tebulo mwezi. Nde tikasintha kanthu olo mtundu wa chikuto cha kope, timaitanitsa koteshoni yatsopano, yokhala ndi deti latsopano, yotchula nambala ya yakale kuti iyi yalowa m'malo mwa ija. Zikuoneka ngati za m'maofesi zokha koma inu amene ndalama ndi zanu za m'thumba nde mukuzifuna kwambiri kuposa ife.

ChipondeChaMatawale
Wayankha. Akuti malebulo anasindikiza onse 1,000 ndipo anadula kale. Mtima wanga wangoti phwii.

Madala_a_Pulinta
Musadandaule kwambiri, sanatayike. Botolo lalikulu simukulisiya, 600 otsalawo mudzamata ulendo wamawa, bola musunge pouma mu envulopu yake, asakhale pa dzuwa kapena pafupi ndi mbaula chifukwa guluu wake amafooka. Pokhapokha ngati deti lothera ntchito linasindikizidwa pa lebulo pomwepo, apo nde pali vuto.

ChipondeChaMatawale
Ayi deti ndimadinda ndekha ndi sitampa, pali kabokosi koyera kamene tinasiya.

Madala_a_Pulinta
Basi muli bwino.

BamboAKwaya_Sadzi
Nkhani imeneyi yandikumbutsa zathu. Ife a kwaya tinaoda magofu 45 oyera kwa mnyamata wina, kenako amayi anati zoyera zimada msanga pa maliro tisinthe akhale obiriwira modera. Tinangomuuza pa foni iye nkuti palibe vuto akulu. Tsiku lotenga akutiuza mtengo wina, akuti pa nsalu yakuda amayamba wapaka inki yoyera pansi kuti zilembo zioneke nde ndi ntchito kawiri, komanso anthu asanu ndi awiri anasintha kupita ku XXL amene ndi okwera mtengo. Mwina amanena zoona koma ife tinali titasonkha kale ndalama pa mtengo wakale, kukauza anthu kuti onjezerani tinachita kuoneka ngati ife a komiti tadyapo. Mpaka lero mayi wina sandiyankhula bwino. Mawu akuti palibe vuto aja ife tinamva kuti mtengo susintha, iye amatanthauza kuti ntchitoyo atha kuigwira.

Madala_a_Pulinta
Za inki yoyera pansi ndi zoona bambo, sanakunamizeni. Kulakwa kwake kunali kusakuuzani tsiku lomwelo.

NaMpondabwino
Pepani ndalowerera, mayi a chiponde mtedza mukugula kuti pano? Wa CG7 ukusowa, ku Thondwe Loweruka ndinapeza wosakaniza ndi wonyowa.

ChipondeChaMatawale
Ndimatenga kwa alimi a ku Jali asisi, koma ndimasankhanso ndekha pa lichero, wa chuku ndimataya. CG7 ndi amene ali ndi mafuta ambiri chiponde chake chimatuluka chofewa.

NaMpondabwino
Ine ndimakonda Chalimbana pa kukoma. Mundipatseko nambala ya alimiwo ku inibokosi.

Mnyamata_wa_Depoti
Chalimbana ndi wa nsinjiro ameneyo.

MlongoWaMasitolo
Tiyeni tibwerere kwa mayiwa abale, nkhani ya mtedza tiitsegulire pake. Achemwali, uthenga wanu ukhale umodzi, wolemba osati wa mawu, ndipo musamatumize zidutswa, lero saizi mawa mtundu mkuja makatoni, chifukwa pamenepo ndi pamene zinthu zimasokonekera, iye amawerengera uthenga wachiwiri wachitatu sanauone. Khalani pansi mumalize maganizo onse kaye. Ine ndikanalemba chonchi:

Moni bwana. Ndikunena za koteshoni yanu nambala yakuti ya pa deti lakuti, ya K800,000, imene ndinaperekapo K400,000. Ndasintha oda nde ndikupempha koteshoni yatsopano yolowa m'malo mwa imeneyo. Mabotolo a 500g a zitsekerero zofiira atsike kuchoka pa 1,000 kufika pa 400. Muonjezere mabotolo a 250g okwana 1,200, ndipo mundilembere mitengo iwiri, wa zitsekerero zachikasu ndi wa mtundu umene muli nawo kale m'sitolo. Malebulo 1,000 amene mwasindikiza ndiwatenga onse pa mtengo womwe uja. Muonjezere malebulo a botolo laling'ono 1,200 ndipo mulembe saizi yake. Makatoni 50 olowa mabotolo ang'ono 24. Chilichonse chikhale pa mzere wake, musonyeze ngati VAT ili mkati, muchotsere dipoziti kuti ndione yotsala, mulembe tsiku limene katundu akhale wokonzeka ndi masiku amene mtengowu ukhale usanasinthe. Musayambe kusindikiza zatsopanozi mpaka nditavomereza polemba.

Mzere womalizawo musausiye, ndi umene ukanakupulumutsani pa malebulo aja ukanakhalapo tsiku limene munayamba kuganiza zosintha.

AntiAUchi
Ndionjezerepo chimodzi chimene chinandipweteka ine. Ife timati botolo la 250g koma ogulitsa mabotolo ambiri amawerenga mamililita, 250ml. Sizofanana. Ine nditayamba uchi ndinaoda mabotolo a 500ml ndi malebulo olembedwa 500g, kuthira uchi wa 500g pa sikelo botolo silinadzadze, pamwamba panatsala mpata waukulu ngati wina wanyambitako, chifukwa uchi ndi wolemera, 500g imangotenga malo a 360ml kapena cha pamenepo. Makasitomala pa msewu wa ku Chawe amangolitembenuza nkulibweza. Chiponde sichilemera ngati uchi nde kusiyana kukhala kochepa, komabe pemphani sampulo ya botolo limodzi, muthiremo chiponde chanu mpaka pamene mumafikitsa, muyeze pa sikelo mutachotsera kulemera kwa botolo, kenako ndi pamene muuze wa malebulo nambala yoti alembe. A MBS akabwera amayeza zimene zalembedwa pa lebulo. Pa koteshoni alembe zonse, mamililita a botolo ndi kukula kwa kukamwa kwake, kuti zitsekerero zisabwere za saizi ina.

Chikanda_Boy
Mayi ngati akukana kubweza ndalama pitani ku CFTC, amathandiza nkhani za ogula zimenezi.

MlongoWaMasitolo
Werengani kuchokera pamwamba achimwene, palibe amene wakana kubweza ndalama. Mayiwa katundu akumufuna.

Chikanda_Boy
Ooh pepani ndinangoona za dipoziti. Koma ting'onoting'onoto bweretsani msanga, kuno tikudikira.

ChipondeChaMatawale
Ndinatumiza uthenga uja monga munalembera asisi, ndangosintha pang'ono. Sanakwiye nkomwe, wati bola chonchi. Wayankha ndi pepala m'mawa uno, ndikukopereni:

Mabotolo 500ml ofiira, 400 pa K650, K260,000
Mabotolo 250ml achikasu, 1,200 pa K480, K576,000 (ofiira kapena oyera K440)
Malebulo akale 1,000 pa K180, K180,000
Malebulo atsopano 6cm ndi 14cm, 1,200 pa K120, K144,000
Kukonzanso dizaini K15,000
Makatoni 50 pa K900, K45,000
Zonse K1,220,000, kuchotsa K400,000, yotsala K820,000. Mtengo ndi wa masiku 7.

Nde K420,000 ija yafanana ndithu sanangoitchula. Koma chimene chandiwawa ndi botolo lalikulu, linali K620 pano K650, lomwelo lomwelo, bwanji?

Mnyamata_wa_Depoti
Mwaona? Ndinanena ine. Apa nde wakweza pa katundu amene munagwirizana kale.

Madala_a_Pulinta
Apa mnyamata ali ndi kamfundo koma tiyeni tifunse kaye. Ogulitsa ambiri ali ndi malire, ukagula kuyambira mwakuti mtengo ndi wina, ukatsika pansi pake ndi wina. K620 ija mwina inali ya munthu wotenga 500 kupita mtsogolo. Mufunseni funso ili lokha: nditenge angati kuti ndibwerere pa K620? Akati 500, werengani, 500 pa K620 ndi K310,000, pamene 400 pa K650 ndi K260,000. Kusiyana K50,000 koma mwapeza mabotolo ena 100, ndekuti oonjezerawo akugwerani pa K500 limodzi, malebulo ake muli nawo kale. Ngati thumba likulola ine ndikanatenga.

Tsopano pa malebulo atsopano ndi pamene ndikuona ndalama yogona. Ife timasindikiza pa pepala la sitika la A3, limene ndi 29.7cm ndi 42cm, ndipo mtengo weniweni ndi wa pepalalo, lebulo timangogawa. Lebulo yanu yakale ndikuganiza inali cha m'ma 7cm ndi 20cm, zimenezo zimalowa 8 pa pepala, 8 kuchulukitsa K180 ndi K1,440. Yatsopanoyi ya 6cm ndi 14cm, m'mbali zimalowa ziwiri, m'litali mukanati 7 koma makina safika m'mphepete mwenimweni ndipo pamafunika mpata wodulira, nde zimalowa 6, zonse 12. K1,440 kugawa 12 ndi K120 ndendende, mwaona kuti munthuyo sanakubereni, pepala akuwerengera mtengo womwe uja. Koma mukaifupikitsa kufika 5cm, m'litali zilowa 8, zonse 16, lebulo igwera pa K90. Sentimita imodzi yokha imeneyo ndi K36,000 pa malebulo 1,200.

AntiAUchi
Madala masamu ndi abwino koma 5cm ndi yaing'ono. Pafunika dzina, zosakaniza, kulemera, adiresi, kabokosi ka deti, bachi nambala, zonsezo zikwane bwanji popanda zilembo kukhala ngati nyerere? Agogo ogula pa golosale awerenga?

Madala_a_Pulinta
Zimakwana anti, ndapangapo zambiri, chithunzi cha mtedza ndi chimene chimachepetsedwa osati mawu. Koma asavomereze pa foni, pa sikirini chilichonse chimaoneka chachikulu. Asindikize imodzi pa pepala wamba, adule ndi sizasi, akulunge pa sampulo ya botolo aone ndi maso.

AntiAUchi
Ine ndikanasiya 6cm. Katundu wa pa shelefu amagulidwa ndi maso, K30 pa botolo si ndalama yoti uonongere maonekedwe.

BamboAKwaya_Sadzi
Nanga chachikasucho chikudula bwanji K40, pulasitiki si yomweyo?

Madala_a_Pulinta
Pulasitiki ndi yomweyo koma zofiira ndi zoyera ali nazo m'matumba kale, zachikasu ayenera kukaitanitsa kwina mwina thumba lathunthu, zotsala nkumugonera. Ndipo chimene ndikuopa ine si K48,000 yokha ayi, ndi nthawi. Pa pepala limene mwakopera mayi sindikuonapo tsiku lotengera katundu. Mtundu woitanitsa umachedwa, ndipo ulendo wamawa akhoza kukuuzani kuti chachikasu chatha, makasitomala atazolowera kale.

ChipondeChaMatawale
Zoona tsiku sanalembe, komanso za VAT sanatchule ngakhale ndinafunsa. Chachikasu ndimachifuna kuti anthu azisiyanitsa, chifukwa m'tibotolo ting'onoting'ono ndikufuna kuikamo cha shuga pang'ono chimene ana a sukulu amakonda, chachikulu chikhale chopanda shuga.

NaMpondabwino
Nde tengani zoyera asisi, zasiyana kale ndi zofiira, K440.

ChipondeChaMatawale
Eee koma zoona, maganizo amenewo sanandifikire, ndinangokakamira chikasu.

MlongoWaMasitolo
Za VAT musazisiye m'malere. Onani koteshoni yoyamba ija, ngati inalembedwa kuti msonkho uli mkati yatsopanoyi inenenso chimodzimodzi. Ndaonapo anthu akufika pa kauntala ndi ndalama yokwana ndendende nkuuzidwa kuti mitengo ija inali yopanda msonkho, pa ndalama yoposa miliyoni si kusiyana kwa masewera. Ngati ndi wolembetsa VAT ku MRA pepala lake limakhala ndi nambala yake ya msonkho ndipo risiti imatuluka ya makina.

Masiku 7 aja nawonso muwasamale. Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 masaplaya ambiri amene ndimachita nawo anasiya kulemba masiku 30, ena amalemba atatu. Mukapempha kuti akonzenso kachitatu funsani ngati masikuwo akuyambiranso kapena akuwerengabe kuchokera lero.

Mnyamata_wa_Depoti
Chabwino ndavomera pa zina koma K15,000 ya dizaini ine sindikanalipira, kungochepetsa chithunzi pa kompyuta basi? Munthu ukumupatsa bizinesi yoposa miliyoni.

Madala_a_Pulinta
Si kungochepetsa, 7 ndi 20 sifanana maonekedwe ndi 6 ndi 14, mawu amayalidwanso, kulemera kusinthe, pano pabweranso shuga pa zosakaniza. Ndi ntchito. Koma kupempha kuti aichotse sikulakwa, ine kasitomala wobwerabwera ndimamusiyira.

MlongoWaMasitolo
Makatoni nawo palibe amene wafunsa. Pepala langoti makatoni 50, saizi palibe. Katoni ya 24 ikhoza kukhala mizere 6 ndi 4 pansi pokha, kapena 12 pansi 12 pamwamba. Ikakula mabotolo amagubuduka mu minibasi kuchoka ku Limbe kudzafika kuno malebulo atakalika, ikachepa siitsekeka. Funsaninso a shopu aja ngati akufuna katoni yolembedwa dzina kunja, chifukwa mukadzazindikira mochedwa ndi koteshoni inanso.

ChipondeChaMatawale
Ndabwerako ku Limbe lero, ndinaona kuti bola ndikaonane naye maso ndi maso. Malire ndi 500 monga ananenera madala nde ndatenga 500 pa K620. Zitsekerero zoyera pa K440, zonse K528,000. Dizaini wakana kuchotsa akuti amalipira mnyamata wina. VAT akuti ili mkati ndipo walemba. Pepala lachitatu latuluka ndi mitengo iwiri ya lebulo, ndikatenga ya 5cm zonse ndi K1,186,000 yotsala K786,000, ndikatenga ya 6cm ndi K1,222,000. Katundu masiku asanu ndikavomereza. Katoni tinayesa pomwepo ndi mabotolo opanda kanthu, 24 alowa koma mbali imodzi patsala mpata wolowa zala zitatu, akuti ndiikemo kachidutswa ka katoni, ina yocheperako alibe.

Sampulo ndabwera nayo, ndathiramo chiponde mpaka pakhosi sikelo yanga ikuti 262g nditachotsera botolo. Nde ndilembe 250g ndizithira mochepera pang'ono, kapena ndilembe 260g?

AntiAUchi
Lembani 250g muzithira 255g, sikelo za kukhitchini zimanama pang'ono, bola kupitirira kusiyana ndi kuperewera. Nanga lebulo mwasankha iti?

ChipondeChaMatawale
Ndadula mapepala awiri ndamata pa botolo ndi selotepi, ya 5cm ndi ya 6cm. Bambo a kunyumba akuti yaing'ono, mwana wanga wamkazi akuti yaikulu. Mawa m'mawa ndipita nalo ku Chikanda eni magolosale akaone okha, ndili ndi mpaka Lachinayi kuti ndiyankhe.

Mnyamata_wa_Depoti
Mpata wa zala zitatu mu katoniwo musaupeputse mayi, ine ndimakweza katundu tsiku lililonse, akaika thumba la ufa pamwamba katoni yotero imaphwanyika pakona. Muwauze a minibasi aike pansi pa mpando.